Apongozi akufuna kumwetsa khanda madzi, ayankhule ndani?

Pa ntchito yanga yolangiza mabanja, dandaulo la apongozi olowerera silitha, makamaka mwana woyamba akangobadwa. Ndiye chinthu choyamba chomwe ndimafunsa ndi ichi: zomwe akulowererazo zingamuvulaze mwanayo, kapena zikungokunyansani basi? Chifukwa zinazi si zoti mungataye nazo tulo. Kamuvekeni chipewa, mwamusambitsa mochedwa, musamunyamule choncho, izi mungoti chabwino amayi nkupitiriza zanu. Mukamalimbana ndi chilichonse, tsiku lomwe mudzakane chinthu chenicheni adzangoti ndi mwano wanu uja wa masiku onse.

Koma tiyeni titenge nkhani yomwe siyofunika kugonja. Mwana ali ndi miyezi itatu, akuyamwa bwinobwino, kunja kukutentha, agogo ake akuti ameneyu akulira ludzu mupatseni madzi pa sipuni. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mwana aziyamwa mwakathithi miyezi 6 yoyambirira, osapatsidwa ngakhale madzi, kupatula mankhwala omwe achipatala alamula. Chifukwa chake nchosavuta. Mkaka wa m'mawere mbali yake yaikulu, kuposa 80 pa 100, ndi madzi kale. Kamimba ka khanda nkakang'ono, madzi akadzazamo mwana amayamwa pang'ono, ndipo akamayamwa pang'ono thupi la mayi nalo limachepetsa kupanga mkaka, kenako agogo aja nkumati mwaonatu mkaka wake ndi wochepa, chonsecho vuto layambira pa sipuni ija. Onjezanipo kutsegula m'mimba ngati madziwo kapena sipuniyo sizoyera.

Tsono ayankhule ndani? Mwana wawo wobereka. Ngati ndi mayi a mwamuna, ayankhule mwamunayo, ngati ndi mayi a mkazi, mkaziyo. Mawu omwewo akachoka kwa mwana wawo amapweteka tsiku limodzi nkuiwalika, akachoka kwa mpongozi amasungidwa zaka. Ndipo azibambo apa ndi pomwe ambiri mumalakwitsa, kuchipinda mwavomera kuti shuwa amayi akuonjeza, koma mukafika pabalaza mukuti "amayi, mayi a mwanawa akuti musamupatse madzi." Mwamugulitsa mkazi wanu pamenepo! Mwangowauza kuti inuyo mulibe nazo vuto, wovuta ndi uyo. Nenani chonchi: "Amayi, ifeyo tagwirizana kuti mwanayu asamwe china chilichonse mpaka akwane miyezi 6, ndi zomwenso atiuza kuchipatala. Akalira muzingomupereka kwa mayi ake ayamwe." Muwauze muli awiri, mitima ili m'malo, osati pa nthawi yomwe sipuni ili kale m'manja ndipo mwana akukuwa.

Yankho lawo mukulidziwa kale, iweyo ndinakulera choncho, unafa? Musatsutsane nazo zimenezo, simungapambane, komanso pansi pa mawuwo pali mantha oti mukuwanena kuti analera molakwika. Vomerani kuti anakulerani bwino ndithu, kenako bwerezani mfundo yanu osawonjezera zifukwa zatsopano. Zifukwa zikachuluka amasankhapo chofooka nkuyamba kulimbana nacho.

Nthawi zambiri agogo amakhala ndi nkhawa yeniyeni kuti mdzukulu sakukhuta, ndiye apatseni choti aone ndi maso. Mwana amene akuyamwa mokwanira amanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa maola 24, mkodzo wake sukhala wachikasu kwambiri, ndipo kulemera kwake kumakwera akamayezedwa. Atengeni popita kukamuyezetsa, afunse okha anesi, mudzadabwa kuti zomwe inu mwanena mwezi wonse amazimva kamodzi zikachoka kwa munthu wa yunifolomu. Apatseninso ntchito yawo, kumusambitsa, kumugeyetsa akamaliza kuyamwa, kumunyamula kuti mayi ake agoneko. Gogo wopanda chochita amadzipezera yekha chochita.

Nanga akavomera pakamwa koma nkumachita mobisa? Zimachitikatu. Mumazindikira mukapeza kasipuni kapena kakapu konyowa pafupi ndi pogona mwana, kapena mwana amene amayamwa mwamphamvu akungonyambita bere nthawi zonse akachoka m'manja mwa agogo. Apa palibenso zokambirana zazitali, mwana wawo awauze poyera kuti mwaona, ndipo mpaka miyezi 6 ikwane mwanayo asatsale ndi agogo okha. Azibwera, azimunyamula, koma mmodzi wa inu alipo. Adzakwiya, mwina osayankha foni sabata yonse, inu pitirizani kuwaimbira ndi kuwatumizira zithunzi koma osabweza mawu. Ndipo mwana akayamba kutsegula m'mimba, kukana bere kapena kukodza pang'ono, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo mukanene zonse zomwe wamwetsedwa, osabisa poteteza agogo.