Akakutumizirani chithunzi cha chisamani pa foni, yambani mwafunsa tsiku lomwe chinafika

Ntchito yanga ndi yomasulira, zaka zambiri ndakhala ndikutanthauzira mawu ndi mapepala a ku khothi kuchoka mu Chingerezi kupita mu Chichewa, ndiye abale ndi anzanga akangolandira pepala lililonse lokhala ndi chidindo amathamangira kwa ine. Masiku ano sabweranso ndi pepalalo, amangojambula n'kutumiza pa WhatsApp, pansi pake n'kulemba kuti "tawerengani mwachangu, akuti chani?" Ndikuuzeni za chithunzi chimodzi chomwe ndinalandira Lachisanu lina usiku, chifukwa pafupifupi zonse zomwe anthu amalakwitsa pa nkhani ya chisamani zinalipo pamenepo.

Anatumiza ndi mayi wina wa ku Lilongwe, chisamanicho chinali cha bambo ake omwe ali kumudzi ku Dedza. Chithunzi chake chopendekeka, chojambulidwa pa mkeka ndi tochi, chala chachikulu chitaphimba ngodya yakumtunda. Uthenga wake unali woti "achimwene, bambo akufuna kuwamanga, mayi akungolira kuno." Ine ndisanawerenge chiganizo chilichonse ndinamupempha zinthu ziwiri. Choyamba ajambulenso masamba onse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe, pepala litagona pa tebulo, ngodya zonse zinayi zikuoneka. Chachiwiri afunse bambo kuti pepalali analilandira tsiku lanji, ndipo anawapatsa ndani. Anadabwa, akuti deti ili pomwepo pa chidindo. Ndinati ayi achemwali, imeneyo ndi deti yomwe khothi linatulutsa pepalalo, si tsiku lomwe linafika m'manja mwa bambo.

Zithunzi zabwino zitabwera zinapezeka kuti masamba analipo asanu ndi limodzi, iye anali atangotumiza loyamba. Ndipo pomwe chala chinaphimba paja ndi pomwe panali yankho la kulira kwa mayi aja. Pamwamba pa chisamani pamalembedwa dzina la khothi, kenako nambala ya mlandu, ndipo mawu omwe ali pambali pa nambalayo ndi omwe amakuuzani mtundu wa nkhani. Apa panalembedwa Civil Cause, kutanthauza kuti ndi mlandu wa pakati pa anthu, wina akudandaula mnzake, nthawi zambiri za ndalama, malo kapena chipukuta misozi. Zikanakhala za upandu mukanaona mawu oti Criminal, ndipo mbali yodandaula ikanalembedwa Republic, ndiye kuti boma. Ndiye chiganizo changa choyamba kwa iye chinali chachifupi: pepalali silikunena zomanga munthu, ndi nkhani ya ngongole. Ndimayamba ndi chimenechi dala, munthu yemwe akuganiza za ndende samva china chilichonse chomwe munganene pambuyo pake.

Koma sindinanene kuti "musadandaule, palibe vuto." Mawu amenewo ndi omwe amapweteketsa anthu, mkulu akangomva kuti si za apolisi amapinda pepala n'kuliika m'Baibulo, basi yatha.

Kenako mayina. Claimant ndi wodandaula, Defendant ndi wodandaulidwa, ndipo pa pepala ili odandaulidwa analipo awiri, woyamba mwana wawo wamwamuna yemwe anatenga ngongole ku bungwe lina lobwereketsa ndalama, wachiwiri bambowo chifukwa anasainira ngati womuimira. Iwo ankati "ine sindinatenge ndalama ya munthu," ndipo n'zoona sanatenge, koma masamba a mkati omwe amafotokoza dandaulo ankanena kuti anasaina kuti mwana akalephera adzabweza ndi iwo. Ndalama yomwe ankafuna inali K6,400,000, kuonjezapo chiwongoladzanja ndi ndalama zolipirira mlandu. Apa pofunika kusamala pomasulira. Zonse zomwe zili m'masamba amenewo ndi zonena za wodandaula, khothi silinagamule kalikonse. Ndiye ine chiganizo chilichonse ndimachiyamba ndi "iwo akunena kuti", ngakhale zimveke zobwerezabwereza. Mukangomasulira kuti "muli ndi ngongole ya 6 miliyoni" mwamugamula munthu musanakhale jaji.

Tsopano masiku aja. Chisamani cha ku High Court sichikhala ndi tsiku loti mukaonekere pamaso pa jaji, ndipo anthu ambiri amasokonezeka pomwepa, amafufuza deti yopitira ku khothi, akaisowa amati tidikira atiitane. Chomwe chimafuna ndi mapepala. Ichi chinkanena kuti pasanathe masiku 28 chilandirireni, mulipire zomwe akufunazo kapena mukapereke ku khothi chikalata chodzitetezera pamodzi ndi mndandanda wa mapepala omwe muli nawo ngati umboni. Panalinso fomu ina yomatidwa kumbuyo, yolembedwa Response, yoti muibweze ku khothi pasanathe masiku 14. Ndipo panali timawu tomwe ambiri amatidumpha, inclusive of the day of service, kutanthauza kuti tsiku lomwe mwalandiralo ndi tsiku loyamba kale, simuyambira mawa lake.

Bambo aja atafunsidwa anati munthu wa pa njinga yamoto anabwera nalo Lachinayi la sabata yapitayo, tsiku lomwe anali kokolola mbatata, anawasainitsa pa kapepala kena n'kupita. Titaona pa kalendala linali pa 12 Juni. Chidindo cha khothi chinali cha pa 3 Juni, ndipo ine chithunzi ndinachilandira pa 20 Juni. Madeti atatu, koma yowerengera ndi imodzi yokha, ya pa 12. Mukawerenga pa 12 ngati tsiku loyamba, tsiku la 14 likugwa pa 25 Juni, Lachitatu, ndipo la 28 likugwa pa 9 Julayi. Mayi uja m'mutu mwake ankawerenga kuchokera tsiku lomwe iye anamva nkhaniyi, zomwe zikanamufikitsa cha pa 17 Julayi, sabata yathunthu nthawi itadutsa kale. Ndiye taonani, tinali Lachisanu usiku, Loweruka ndi Lamulungu maofesi otseka, kwa deti yoyamba ija kunatsala Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu basi.

Ndili pomwepa, abale athu a ku Joni nawonso amanditumizira zawo, ndipo kumeneko kawerengedwe n'kosiyana. Chisamani cha ngongole cha khothi la majisitireti ku South Africa chimapereka masiku 10 oti munene kuti mukufuna kudziteteza, koma ndi masiku a khothi, Loweruka, Lamulungu ndi maholide sawerengedwa. Musatenge kawerengedwe ka uko n'kubwera nako kuno, werengani zomwe pepala lomwe lili m'manja mwanulo likunena.

Ndime yotsiriza ya tsamba loyamba imanena zomwe zichitike mukangokhala chete, ndipo imeneyi ndimaimasulira yonse osachotsapo kanthu ngakhale ndi yowawa. Wodandaula atha kupempha chigamulo inu kulibe, popanda kukudziwitsaninso. Chigamulo chimenecho chikatuluka, otsatira ndi masherifu, kudzatenga katundu kuti akagulitse. N'zotheka kukapempha khothi kuti lichotse chigamulo chotere, koma muyenera kufotokoza chifukwa chomwe munachedwera ndi kusonyeza kuti muli ndi mfundo zenizeni zodzitetezera, ndipo ndalama zake zimaposa zomwe mukanawononga mukanayankha nthawi yake.

Zonsezi ndinazinena pa uthenga wa mawu wa mphindi ziwiri woti akawamvetsere bambowo, chifukwa kulemba sizikanathandiza, maso awo ndi ofooka. Ndinati: "Bambo, pepala lija ndaliona lonse. Si la apolisi ayi. Likuchokera ku khothi lalikulu ku Lilongwe, a bungwe lija akunena kuti munasainira ngongole ya mwana wanu ndipo akufuna ndalamayo kwa nonse awiri. Khothi silinagamule, likufuna limve mbali yanu, koma kudzera m'mapepala. Deti yoyamba ndi Lachitatu likubwerali. Chonde Lolemba m'mawa mukwere ndi mapepala onse, musasaine chilichonse, musalembe kanthu pa fomu ija mpaka loya aione." Madetiwo ndinawalembanso mu manambala pa uthenga wapadera, mawu amaiwalika.

Mayi uja anandifunsa funso lomwe aliyense amafunsa: "ndiye tichonge pati pa fomupo, kuti tikuvomera kapena tikukana?" Apa ndi pomwe ntchito yanga imathera. Ndingakuuzeni tanthauzo la bokosi lililonse, koma loti muchonge sindingakusankhireni, chifukwa zimatengera zinthu zomwe sizili pa chithunzi. Kodi siginecha ija ndi yawodi, anawawerengera zomwe ankasainazo, mwana anabwezapo zingati, chiwongoladzanjacho anachiwerengera bwanji. Amenewo ndi mafunso a loya. Kwa ine, pepala likachokera ku High Court, kapena likakhudza nyumba ndi munda, kapena likafuna chikalata chodzitetezera, kapena masiku akakhala kuti adutsa kale, musayesere nokha. Ngati thumba silikulola pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira loya, koma dziwani kuti amayamba aunika kapezedwe kanu ndipo anthu amakhala ambiri, ndiye kupita tsiku lomaliza n'kudzipweteka. Akalaliki a ku khothi angakuonetseni kokapereka mapepala ndi kutsimikiza kuti nambala ya mlanduyo ilipodi m'mabuku mwawo, koma sangakulangizeni zoti munene.

Zisamani zina n'zosavuta kuposa ichi. Zomwe zimakuitanani ngati mboni, kapena zambiri za ku khothi la majisitireti, zimakhala ndi tsiku, ola ndi malo, chachikulu n'kukafika. Za mlandu wa upandu mukajomba khothi litha kutulutsa chikalata chokugwirirani, ndiye kumeneko mantha a mayi aja akanakhala ndi maziko. Palinso mapepala omwe si zisamani n'komwe, kalata ya loya yolamula kuti mulipire pasanathe masiku 7, yolembedwa moopseza koma yopanda nambala ya mlandu, yopanda chidindo cha khothi. Imeneyo ndi chenjezo loti akhoza kukusumirani, musainyozere, koma masiku ake ndi a loyayo, si a khothi. Ndipo wina akakuimbirani kuti tumizani ndalama pa nambala ya foni kuti chisamani chifafanizidwe, dulani foniyo.

Chinanso chomwe chimandinyansa, chithunzi chija mayi uja anali atachiponya kale pa gulupu ya banja ya anthu makumi anayi, dzina la bambo, mudzi, ndalama zonse poyera, ndipo aliyense anali atamasulira zake, wina mpaka anati awathawitsire ku Mozambique. Ndinamuuza achichotse.

Lolemba m'mawa ananditumizira chithunzi china, bambo ali pa depoti atavala jekete, mapepala onse asanu ndi limodzi ali mu jumbo ya shuga kuopa kunyowa. Tili m'kati mocheza anatulukiranso kuti mchimwene wake, wotenga ngongole uja, naye anapatsidwa chake ku Kasungu, masiku awiri bambo asanalandire, iye anangokhala chete osauza aliyense. Masiku ake 14 ankathera tsiku lomwelo.