Kalata kwa bambo amene amamwera tetirasaikilini ndi mkaka

Okondedwa Bambo,

Tsiku lija munabweranso kuchipatala mukudandaula kuti makapisozi tinakupatsani aja ndi achabechabe, mzere unali wautali moti sindinakufotokozereni mokwanira. Munati mwamwa masiku asanu koma chifuwa chikadalipo. Nditakufunsani mmene mumamwera, munayankha kuti mukamwa ndi madzi okha mumamva nseru, ndiye mayi akunyumba amakupatsani tiyi wamkaka kuti mutsitsire. Cholinga chawo chinali chabwino, koma tiyi ameneyo ndi amene amalanda mankhwala anu.

Mumkaka muli mchere wotchedwa kashiamu, womwe umalimbitsa mafupa ndi mano. Tetirasaikilini ali ndi khalidwe loti akakumana ndi kashiamu amagwirana naye zolimba, ziwirizo n'kusanduka chinthu chimodzi chosasungunuka. Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Mankhwala omeza amagwira ntchito pokhapokha atasungunuka n'kudutsa khoma la matumbo kulowa m'magazi, ndipo magaziwo ndi amene amawafikitsa kumapapo kumene kuli tizilombo. Amene agwirana ndi kashiamu sadutsa. Amangoyenda ndi zakudya mpaka kukatuluka kuchimbudzi. Mwa njira imeneyi mkaka ungathe kulanda theka la mankhwala kapena kuposa apo, moti kapisozi wa mamiligalamu 500 amagwira ntchito ngati wa 250, mwinanso osafika.

Munandiuza kuti mumathira mkaka pang'ono chabe, wongoyeretsa tiyi. Ngakhale wochepawo umachepetsa mankhwala olowa m'magazi. Waufa, wam'paketi, wang'ombe kapena wambuzi, chambiko ndi yogati, zonsezi n'chimodzimodzi, ndipo kuwiritsa sikuchotsa kashiamu.

Choipa chake n'chakuti palibe chimene mumamva. M'mimba simupweteka, simutuluka zidzolo. Chizindikiro chokha ndi chimene munabwera nachocho: masiku akupita koma matenda sakusuntha. Tizilombo timene talandira mankhwala osakwanira sitifa tonse, ndipo totsalato tingathe kukhala tosamva mankhwala.

Tsopano tikonze tsiku lanu. Tetirasaikilini amamwedwa kanayi patsiku, motalikirana maola 6, m'mimba mulibe kanthu: ola limodzi musanadye, kapena patatha maola awiri mutadya. Popeza mumalawirira kudoko kukapikula nsomba, imwani woyamba 5 koloko m'mawa ndi madzi odzaza kapu. Tiyi wanu wamkaka mumwe 7 koloko kapena itangopitirira, palibe akukuletsani. Wachiwiri 11 koloko, nsima ya masana ibwere itakwana 12 koloko. Wachitatu 5 koloko madzulo, mgonero cha m'ma 7 koloko. Wotsiriza 11 koloko usiku, ndipo mukamwa mukhale kaye tsonga kwa theka la ola musanagone, chifukwa kapisozi akakakamira kummero amatha kuyambitsa chilonda. Lamulo lake ndi loti pakati pa mkaka ndi kapisozi papite maola osachepera awiri mbali zonse.

Kuno ku Nkhotakota ndiyeneranso kutchula usipa. Timaudya ndi minga yomwe, ndipo minga ija ndi kashiamu. Idyani ndithu, koma pa nthawi ya chakudya, osati kumapisa m'thumba la wouma uku mwangomeza kumene kapisozi. Mapiritsi owonjezera magazi, omwe ali ndi ayironi, komanso mankhwala a chilungulira otafuna kapena amadzi oyera aja, amagwiranso tetirasaikilini mofananamo. Amenewo atalikitseni ndi maola atatu.

Nanga nseru ija? Onjezerani madzi, mumwe pang'onopang'ono. Ikakana kutha kapena mukayamba kusanza, bwerani. Pali mbale wake wa mankhwalawa, dokisisaikilini, amene amamwedwa kamodzi kapena kawiri patsiku ndipo amalola kumwera pa chakudya, chifukwa mkaka umamusokoneza pang'ono poyerekeza ndi mnzakeyu. Adokotala angaone ngati akuyenera matenda anu. Koma musamwe makapisozi awiri nthawi imodzi pofuna kubweza amene anapita ndi tiyi aja, mungowonjezera nseru.

China chimene ndikupemphani: mankhwalawa musagawireko mayi oyembekezera kapena mwana wosakwana zaka 8. Kukonda kashiamu komwe kuja kumachititsa kuti akakhazikike m'mano amene akukula, ndipo mano a mwanayo amatuluka achikasu kapena otuwa mpaka kalekale, osachoka ndi mswachi. Za tetirasaikilini wopaka m'maso musade nazo nkhawa, ameneyo sadutsa m'mimba ndipo sakumana ndi mkaka.

Mukamwa motere kwa masiku atatu koma osaona kusintha, kapena mukayamba kubanika ndi kutentha thupi kwambiri, musadikire kuti makapisozi athe. Bwerani ndi bukhu lanu lachipatala pamodzi ndi makapisozi otsalawo, tidzakuyezeninso.

Ndine namwino wanu.