Lembani pamene mudakasekerana

"Koma aloya, uyutu ndi mlongo wanga, bere limodzi. Ndikanamusayinitsa bwanji?" Mawu amenewa ndawamva kambirimbiri muofesi yanga kuno ku Lilongwe, moti munthu akangoyamba ndimadziwa kale komwe nkhani ikathere. Pena amakhala mlamu, pena mnzake wa kutchalitchi kapena amene anaphunzira naye kusekondale. Onse amabwera zinthu zitavuta kale m'bizinesi imene anayamba ndi m'bale kapena mnzawo popanda kulemberana, atanyamula jumbo ya marisiti osawerengeka, n'kumayembekeza kuti ine ndipeza m'malamulo mfundo zimene iwo eni sanagwirizane. Chibale ndi fupa, sichiola, zimenezo sindikutsutsa. Koma chimene chimaola ndi kukumbukira kwa anthu zimene ananena zaka zinayi zapitazo ali pakhonde.

Pali nkhani imodzi imene imandibwererabe m'mutu. Mayi ena, mphunzitsi wopuma pantchito, analandira ndalama zawo za penshoni mu 2021 n'kuganiza zotsegula chigayo ku Area 25. Mlongo wawo wamng'ono anali ndi poloti m'mbali mwa msewu, anali ndi shedi yomanga kale, komanso ankadziwa za makina. Mayiwo anatapa K8,000,000 kubanki n'kumupatsa pamanja. Iye anakagula chigayo ndi mota, n'kulowetsa magetsi. Risiti inalembedwa dzina lake, chifukwa ndi amene anapita kushopu. Mita ya magetsi dzina lake, chifukwa poloti ndi yake. Atafuna sitifiketi ya bizinesi ku ofesi ya Registrar General analembetsanso dzina lake yekha, ati kuti asavutitse achemwali ake ndi mizere. Panalibe chinyengo. Mwezi uliwonse ankawapatsa kangachepe, pena K60,000, pena thumba la ufa ndi gaga wa nkhuku, ndipo palibe ankalemba.

Mu 2024 mlongoyo anamwalira. Maliro atatha, mayi aja anapita kwa alamu awo, mkazi wa malemuyo, kukafunsa za chigayo. Yankho linali laulemu ndithu: "Alamu, ine ndimadziwa kuti munawathandiza bambo a ana poyamba paja, Mulungu akudalitseni. Koma chigayochi ndi cha anawa." Mayi wamasiyeyo sankanama. Iye ankadziwa zimenezo basi, ndipo mapepala onse ankamuvomereza.

Mayi opuma pantchito aja atabwera kwa ine ndinawafunsa funso limodzi limene ndimafunsa aliyense: ndalama zija munapereka ngati chiyani? Pali njira zitatu zokha. Ikhoza kukhala mphatso, ndiye kuti simuyembekezera kanthu. Ikhoza kukhala ngongole, ndiye kuti mukufuna K8,000,000 yanu basi, chigayo chipindule kapena chigwe. Kapena ndi gawo lanu m'bizinesi, ndiye kuti phindu ndi lanu, kuluza n'kwanunso. Mayiwo anati linali gawo. Umboni wake? Kapepala kakubanki kongoonetsa kuti anatapa ndalama tsiku lakutilakuti, osati kumene zinapita. Mauthenga a pafoni anapita ndi foni yomwe inabedwa. Thumba la ufa la mwezi ndi mwezi lija, pamaso pa woweruza, lingaoneke ngati mchimwene wothandiza mlongo wake wopuma pantchito, monga amachitira aliyense. Mgwirizano wapakamwa khoti limaulandira, musamve zabodza, koma uyenera kuutsimikiza, ndipo mboni yokhayo imene inamva zonse inali ili kumanda.

Tsono chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti mukapanda kugwirizana nokha, lamulo limakugwirizanitsani mwa njira yake. Lamulo lathu la anthu ochita bizinesi limodzi, Partnership Act, limati ngati palibe mgwirizano wina, phindu mumagawana mofanana. Waika K8,000,000 ndi waika K2,000,000, pakati n'pakati. Limatinso amene akuyendetsa bizinesi tsiku ndi tsiku alibe malipiro pokhapokha mutagwirizana. Ndiye taganizani: mwini ndalama akuona kuti waberedwa, amene amabwera kunyumba ali mbuu ndi ufa akuonanso kuti waberedwa, ndipo aliyense ali ndi mfundo yomveka. Milandu yambiri ya pachibale imene ndaiona imayambira pamenepa, osati pa kuba.

Mayi aja ndi mlongo wawo akanabwera mu 2021, tikanakhala pansi ola limodzi n'kuyamba ndi kuika mtengo pa chilichonse chimene aliyense wabweretsa. Ndalama za mayi, K8,000,000. Shedi ya mlongo wawo, tinene kuti agwirizana kuti ndi ya K2,000,000. Mpamba wonse K10,000,000, ndiye kuti mayi ali ndi magawo 80 pa 100, mlongo wawo 20. Poloti tikanalemba poyera kuti ikhalabe yake, bizinesi ikungokhalapo, pa lendi yakuti kapena ulere kwa zaka zakuti. Mfundo ya malo imeneyi musamaidumphe, chifukwa tsiku lokangana mwini poloti amangoti "chotsani makina anu pamalo panga," ndipo chigayo chopanda malo ndi magetsi n'chitsulo chabe.

Thukuta la woyendetsa bizinesi musalisakanize ndi magawo. Mupatseni malipiro, alembedwe. Tiyerekeze kuti mwezi wina chigayo chalowetsa K1,500,000. Magetsi, anyamata awiri ogaya, sefa, malamba ndi girizi zadya K900,000. Mlongo uja watenga malipiro ake K150,000. Mwasunga K50,000 ya tsiku lomwe mota idzapse, chifukwa idzapsa ndithu. Yatsala K400,000. Mayi atenga K320,000, mlongo wawo K80,000 kuphatikiza malipiro aja, yonse K230,000. Wina akhoza kunena kuti zachepa kwa munthu wogwira ntchito, chabwino, kanganani pamenepo lero, mukweze malipirowo kapena mugwirizane kuti gawo lake lizikwera chaka ndi chaka. Mkangano umenewo ndi wotchipa mukauchita bizinesi isanayambe.

Za maudindo sindichulukitsa. Lembani amene asunge buku la ndalama, amene azigula katundu, ndi ndalama zingati zomwe munthu angatulutse payekha osafunsa mnzake. Akaunti yakubanki ikhale m'dzina la bizinesi, osayinira awiri, osati nambala ya foni ya mmodzi yomwe amagulanso ndiwo za kunyumba. Mayina onse awiri aoneke pa sitifiketi ndi ku MRA. Ndipo dziwani ichi: mukakhala pa mgwirizano wotere osati kampani, ngongole imene mnzanu watenga m'dzina la bizinesi ikhoza kukutsatirani inu mpaka pa katundu wanu wa kunyumba. Ndiye lembani kuti palibe wokongola popanda siginecha ya mnzake, ngakhale kuti zimenezo zimakutetezani kwa mnzanuyo kuposa kwa wokongozayo, amene mwina sanadziwe za pangano lanu. Ngati bizinesi ili ndi ngongole zikuluzikulu, ganizirani zolembetsa kampani pansi pa lamulo la makampani la 2013.

Gawo limene anthu amalithawa kwambiri ndi la kusiyana. Ndikangolitchula amati, "Aloya, mukutilosera zoipa." Ayi. Aliyense adzatuluka m'bizinesi tsiku lina, kaya ndi mkangano, kusamukira ku Mzuzu, matenda, kapena imfa. Funso n'lakuti atuluka ndi chiyani. Ambiri amalemba kuti "wofuna kutuluka abwezeredwe ndalama zake," n'kumaona ngati atha. Chiganizo chimenecho anthu alira nacho. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. K8,000,000 ya mu 2021 siingagule chigayo chomwe chija lero, ngakhale pang'ono. Wotuluka akangolandira nambala yomweyo, wotsalayo wagula makina pamtengo wotaya. Komanso zikhoza kutembenuka: bizinesi itagwa, makina atatha, wotsalayo n'kumakakamizidwa kubweza ndalama zonse ngati inali ngongole. Lembani kuti wotuluka alandira gawo lake la mtengo wa bizinesi pa tsiku lotulukalo, mutachotsa ngongole, ndipo mutchuliretu amene adzawerengere mtengowo, munthu wodziwa amene nonse mwamuvomereza. Muikepo nthawi ya chidziwitso, mwachitsanzo miyezi itatu, kuti wotsalayo ndiye woyamba kupatsidwa mwayi wogula, ndiponso kuti alipira pang'onopang'ono, tinene miyezi 12. Mukapanda kutero adzagulitsa mota kuti akulipireni, bizinesi n'kufera pomwepo.

Imfa ilembedwe payokha. Popanda mgwirizano wina, mmodzi akamwalira mgwirizano wa bizinesi umatha, ndipo gawo lake limalowa m'chuma chamasiye chomwe chimagawidwa motsatira wilo kapena lamulo la 2011 la chuma chamasiye. Kodi mukufuna kuchita bizinesi ndi mkazi wa mnzanu, kapena ndi ana ake, kapena ndi amalume ochokera kumudzi amene sanaonepo mkati mwa chigayo? Mwina inde, mwina ayi, koma nenani. Kawirikawiri ndimalangiza kuti wotsala agule gawo la malemu pa mtengo wowerengeredwa monga ndanena, ndalamazo zipite kwa olandira chuma. Ndipo akunyumba kwanu adziwe, makamaka mkazi kapena mwamuna wanu. Alamu aja akanaona pepala limodzi lokha mwamuna wawo ali moyo, nkhani yonseyi sikanakhalapo.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi madobadoba. Munthu waika mamiliyoni m'bizinesi, koma pepala akukalembetsa kwa mnyamata wa pamalo ojambulitsa mapepala, amene ali ndi fomu imodzi ya aliyense, amangosintha mayina. Ndinaonapo mgwirizano wa anthu a saluni uli ndi ndime yonena za matayala a minibasi. Ena amazungulira pakhoti atavala jekete, n'kumalonjeza chidindo. Chidindo sichikonza mawu olakwika. Wolumbiritsa anthu amangotsimikiza za amene wasayina kapena kulumbira pamaso pake, sakuuzani ngati zomwe mwalembazo zikukutetezani. Mukafuna loya, funsani ku Malawi Law Society ngati ali ndi chiphaso cha chaka chimenecho. Ngati ndalama ya loya palibe, kuli bwino mulembe nokha m'Chichewa chomveka, mawu anuanu, musayine tsamba lililonse pamaso pa mboni ziwiri zomwe si za banja limodzi, aliyense atenge kope yake, kusiyana n'kusayina Chingerezi chomwe nonse simukuchimva.

Amene muli kale m'bizinesi popanda pepala, musadikire kuti mudzalembe "zinthu zikakhazikika". Mgwirizano ukhoza kulembedwa lero n'kunena zimene aliyense anaika kale. Koma zimatheka pokhapokha mudakali kumwera limodzi tiyi. Mukangoyamba kukayikirana, aliyense amaona pepala ngati msampha. Amene mwakangana kale, musagonere nkhani poyembekeza kuti ankhoswe kapena akumpingo aithetsa chaka chamawa. Milandu ya mapangano ili ndi malire a zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo nthawi imeneyo isanakwane n'komwe mboni zimasamuka, mabuku amasowa, makina amagulitsidwa.

Mayi aja ndinawauza zoona, kuti akhoza kusuma koma umboni wawo ndi wochepa, ndipo adzakhala akulimbana ndi ana a mlongo wawo. Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndikawaimitse m'khoti ana amene ndinawasambitsa ndekha?" Tinayesa kukambirana ndi banja. Alamu awo anavomera kuwapatsa K3,000,000 pang'onopang'ono, akuti yothokoza, ndipo mawu oti "gawo" anakana kuti alembedwe. Mayiwo anasayina. Chigayo chikugayabe, mwana wamkulu wa malemu ndiye akuyendetsa. Tsiku lina ndinakumana nawo mu Old Town, ndipo anandiuza kuti chimanga chawo amakagayitsa kwina, ku Area 49.