Kuyeza mafuta a m'thupi popana khungu: uthenga kwa ogwira ntchito zaumoyo ku Mzuzu

Sikelo imangotiuza kulemera kwa wodwala, siisiyanitsa mafuta ndi mnofu. Mafuta ambiri amakhala kunsi kwa khungu, ndiye tikatsina khungu n'kuyeza kuchindikala kwake ndi kalipa, kachipangizo kokhala ngati mbano, timatha kuyerekeza kuchuluka kwa mafuta a thupi lonse. Kuyezaku kumatenga mphindi zisanu, koma kumadalira kwambiri dzanja la woyeza.

Njira ya Durnin ndi Womersley ya mu 1974 imayeza malo anayi: kumbuyo kwa mkono, kutsogolo kwa mkono, kunsi kwa fupa la phewa kumsana, ndi pamwamba penipeni pa fupa la chiuno, kulunjika pakati pa khwapa. Muyeze mbali imodzi ya thupi nthawi zonse, ndipo mulembe m'buku la wodwala kuti ndi mbali iti.

Yambani ndi mkono. Wodwala aimirire, apinde chigongono, inu muyeze ndi tepi kuchokera pansonga ya phewa kufika pansonga ya chigongono, n'kuika kadontho pakati penipeni. Kenako atsitse mkono, ulendewere. Ndi chala chachikulu ndi cha mkombaphala, tsinani khungu pamodzi ndi mafuta ake sentimita imodzi pamwamba pa kadonthoko, mulikoke pang'ono kuti lisiyane ndi mnofu. Panani ndi kalipa pakadontho paja, zala zikadagwirabe, ndipo muwerenge pakatha masekondi awiri. Pamkono khungu limatsinidwa motsatira kutalika kwa mkonowo, pamene kunsi kwa fupa la phewa limatsinidwa mopendekeka, monga momwe limapindikira lokha.

Zungulirani malo anayiwo, kenako mubwereze. Kupana malo amodzi kawiri motsatizana kumaphwatalitsa mafuta, nambala yachiwiri n'kutsika. Miyeso iwiri ikasiyana kupitirira mamilimita awiri, yezaninso kachitatu.

Tinene kuti abwera mayi wa zaka 35 wochokera ku Chibavi. Kumbuyo kwa mkono mwapeza mamilimita 20, kutsogolo 10, kumsana 18, m'chiuno 12, zonse pamodzi 60. Kwa amayi a zaka 30 mpaka 39 masamu ake ndi awa, S kukhala chiwonkhetso cha miyeso inayi ija, D kulemera kwa thupi poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo % peresenti ya mafuta:

```
D = 1.1423 - 0.0632 × log(S)
% = 495 / D - 450
```

Pakakyuleta ya pafoni, log ya 60 ndi 1.778, choncho D ndi 1.0299, ndipo mafuta ndi maperesenti 30.6 a thupi lawo. Abambo, ndi amayi a misinkhu ina, ali ndi manambala awoawo pamzere woyambawo, musawabwereke awa.

Tsopano onani chimene chimachitika mayi yemweyu akabweranso mwezi wamawa n'kuyezedwa ndi munthu wina, amene akutsina mozama n'kutengako mnofu. Woyezayo akhoza kupeza 66, mafuta n'kuoneka ngati 31.8. Mayi sananenepe ayi, lasintha ndi dzanja. Mukakayika, auzeni kuti, "Mayi, talimbitsani mkonowu pang'ono." Ngati mwagwira mnofu, muumva ukupulumuka m'zala zanu. Akafewetsanso mkono, m'pamene muyeze. Ndi bwino kuti wodwala mmodzi aziyezedwa ndi munthu yemweyo, ndi kalipa yemweyo.

Cholakwika china chofala ndi kuyerekeza malo ndi maso osaika kadontho. Kuphonya ndi masentimita awiri okha kumasintha nambala, makamaka m'chiuno. Kuchedwa kuwerenga nako kumanamiza, chifukwa kalipa amapitiriza kufinya ndipo muvi umatsika pang'onopang'ono. Kusiya khungu kalipa atangopana kumasokonezanso muyeso. Musanayambe, tsekani kalipa muone ngati muvi uli pa 0.

Kuno ku Mzuzu mu Juni ndi Julaye anthu amabwera atavala majuzi awiri, atadzolanso mafuta chifukwa cha kuzizira. Khungu lodzola limaterereka, ndiye lipukuteni liume. Kuyeza pamwamba pa malaya n'kungotaya nthawi. Pezani malo obisika, mufotokoze chimene mukufuna kuchita, mupemphe chilolezo musanagwire kumsana ndi m'chiuno.

Munthu wotupa ndi madzi musamuyeze motere: dinani chala pamwendo, pakatsala kadzenje ndiye kuti kalipa awerenga madziwo ngati mafuta. Mayi woyembekezera masamuwa sakumukhudza, ndipo munthu wonenepa kwambiri khungu lake limavuta kulitsina bwino. Masamuwanso anapangidwa poyeza anthu a ku Glasgow ku Scotland, osati a kuno, ndipo ngakhale woyeza waluso akhoza kuphonya ndi maperesenti atatu kapena anayi. N'chifukwa chake m'buku muzilembamo mamilimita a malo aliwonse, osati peresenti yokha, pakuti ndi amene amaonetsa bwino kusintha pakapita miyezi. Mafuta a m'kati mwa mimba, amene amayenderana ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kalipa sawafikira. Amenewo amafuna tepi yozunguliza pamimba.