Kugula otsatira kumachepetsa anthu amene uthenga wanu umafika kwa iwo

Amalonda ambiri amene ndimawathandiza kuyendetsa masamba awo a mchezo amaganiza kuti chiwerengero chachikulu cha otsatira chimakopa makasitomala, koma sadziwa mmene Facebook ndi Instagram zimasankhira zoti zionetse anthu. Mukaika chithunzi, sichifika kwa otsatira anu onse. Makina a tsambalo amayang'ana mmene amene achiona akuchilandirira, ndipo ngati akupereka ndemanga ndi kugawira anzawo, amachikankhira kwa ena ambiri. Ngati ali chete, chimafera pomwepo.

Tiyerekeze telala wa mu Lilongwe amene ali ndi otsatira enieni 2,000, ndipo chithunzi chilichonse cha diresi chimakondedwa ndi anthu 100, kutanthauza asanu pa anthu 100 alionse. Akagula otsatira 18,000, tsamba lake limaonetsa 20,000, koma okonda chithunzi amakhalabe 100 aja, chifukwa akaunti yabodza sisoketsa chovala ndipo sifunsa mtengo. Tsopano ndi munthu mmodzi yekha pa 200 amene akuonetsa chidwi. Choipa kwambiri n'chakuti akalipira kuti malonda ake aonetsedwe kwa otsatira tsamba lake, gawo la ndalamazo likhoza kuthera pa maakaunti opanda munthu. Kampani yofuna kugwira naye ntchito imawerengera chimodzimodzi, ndipo ikaona otsatira 20,000 ndi ndemanga ziwiri, imayamba kukayikira ngakhale zoona zimene iye amanena.

Chiwerengero chogulacho sichikhalitsanso. Mu 2014 Instagram inafufuta maakaunti abodza ambirimbiri, ndipo woimba Justin Bieber anataya otsatira oposa 3 miliyoni. Ku America, bungwe la boma loteteza ogula la FTC linakhazikitsa lamulo mu 2024 loletsa kugula kapena kugulitsa otsatira abodza pofuna kunyenga anthu pa malonda.

Pofuna kuzindikira akaunti yabodza, musadalire chizindikiro chimodzi, popeza alipo anthu enieni amene saika chithunzi kapena kulemba kanthu. Muyenera kukayikira zizindikiro zikachulukana: dzina lothera ndi manambala ambiri, akaunti yotsatira anthu zikwi pamene yokha ikutsatiridwa ndi ochepa, zithunzi zonse zoikidwa tsiku limodzi, ndiponso ndemanga ya mawu amodzi yobwerezedwa pansi pa chilichonse, ngakhale uthenga wa maliro. Chithunzi cha nkhope mungachifufuze ndi Google Lens kuti muone ngati chinabedwa kwina.

Pa tsamba la Facebook, tsegulani Page transparency, pamene pamaoneka tsiku limene tsambalo linatsegulidwa ndi mayina amene lakhala likusintha. Ngati tsambalo ndi lanu, onani mu Insights, gawo loonetsa ziwerengero za tsambalo, kumene otsatira anu ali. Telala wa ku Area 25 amene otsatira ake ambiri ali m'mayiko amene sanatumizeko chovala n'chimodzi chomwe ayenera kusiya kaye kulipira malonda olunjika kwa otsatirawo, ndi kuyamba kuchotsa maakaunti okayikitsawo.