Musandiuzenso kuti "tinagwirizana 80 pa 100"

Pafupifupi lipoti lililonse la kafukufuku lomwe limafika pa tebulo langa kuno ku Lusaka limakhala ndi chiganizo ichi: "Anthu awiri anasanja mayankho m'mitu ndipo anagwirizana 80 pa 100." Ndatopa nacho. Nambala imeneyi payokha sikuuzani kanthu, ndipo ndili ndi nkhani yomwe imandisowetsabe mtendere chifukwa cha iyo.

Bungwe lina linafunsa anthu m'makomboni a Kanyama ndi Chawama chifukwa chimene sathirira kolorini m'madzi akumwa. Aliyense ankayankha m'mawu akeake. Anyamata awiri anapatsidwa ntchito yoika yankho lililonse pa mutu wake: ndalama, fungo, kusowa kwa mankhwala m'mashopu, ndi ina yotero. Manambala ndawafewetsa kuti muwerenge nane, koma chithunzi chake n'chomwecho.

Titenge mayankho 100 ndi mutu umodzi, wa ndalama. Onse awiri anati "inde, apa nkhani ndi ndalama" pa mayankho 10. Onse anati "ayi" pa mayankho 70. Pa mayankho ena 10, mnyamata woyamba anati inde, mnzake ayi. Pa 10 otsalawo zinatembenuka. Ndiye 10 kuphatikiza 70, ndi uja 80 wonyadirayo. Chopusitsa china n'chakuti aliyense anapeza mayankho 20 a ndalama, moti oyang'anira ataona 20 uku, 20 uko, anawomba m'manja. Koma pa mayankho 30 omwe mmodzi kapena onse anaonapo ndalama, anakumana pa 10 okha.

Mutu ukakhala wosapezeka kawirikawiri, anthu awiri amagwirizana pa "ayi" ngakhale akuwodzera. N'chifukwa chake mu 1960 Jacob Cohen anakonza muyeso wotchedwa kapa, womwe umachotsa kugwirizana kwamwayi:

```
κ = (po − pe) / (1 − pe)
pe = 0.2×0.2 + 0.8×0.8 = 0.68
κ = (0.80 − 0.68) / (1 − 0.68) = 0.375
```

Apa po ndi kugwirizana komwe mwaona, pe ndi komwe kukanachitika aliyense akanangolemba mwachisawawa inde 20 ndi ayi 80. Mwayi wokha ukanawapatsa 68. Kapa wa 0.375 ndi wotsika. Landis ndi Koch, mu 1977, anayamba kutcha kugwirizana kuti n'kolimba kuchokera pa 0.61, ndipo ine sindilola ntchito kupitirira pansi pa pamenepo.

Nditawerenga mayankho 20 omwe anasemphanapo, ambiri anali a mawu amodzi kapena awiri. "Sinikwanisa." Mayi wa ku Kanyama akatero, akunena kuti thumba laperewera, kapena kuti sangakwanitse kumayeza kolorini tsiku ndi tsiku pamwamba pa ntchito zina zonse? "Nilibe." Alibe ndalama, kapena alibe botolo la mankhwalalo m'nyumba? Mnyamata woyamba ankaponya "sinikwanisa" ku ndalama, "nilibe" ku kusowa kwa mankhwala. Mnzake ankachita mosemphanitsa. Palibe anali waulesi. M'buku lawo la mitu munangolembedwa liwu limodzi, "ndalama", basi.

Mutu uliwonse umafunika tanthauzo lake, zolowamo, zosalowamo, ndi mayankho enieni awiri kapena atatu monga chitsanzo. Ife tinalemba kuti: ikani pa ndalama pokhapokha munthu watchula mtengo, kudula, kwacha kapena kusagula chifukwa chosowa, "sinikwanisa" wopanda mawu ena apite pa "sizikumveka". Tinavomerezanso kuti yankho limodzi litha kukhala ndi mitu iwiri, ngati "amadula komanso amanunkha", ndiye kapa amawerengedwa pa mutu uliwonse pawokha. Ndipo musamasulire kaye m'Chingerezi. Womasulira amasankha tanthauzo limodzi, vuto n'kubisika.

Mukakonza bukulo, yesaninso pa mayankho ena 100 omwe simunawaonepo, aliyense payekha, osaonetsana. Kubwereza akale aja n'kudzinamiza, chifukwa mukukumbukira zomwe munakambirana. Kukhala pa tebulo limodzi n'kumafunsana "apa tiike pati?" nakonso sikuyesa kugwirizana. Wamng'ono amangoti "inde, bwana", kapa n'kukwera.

Chenjerani ndi aja amati mayankho masauzande awasanja masiku awiri ndipo anagwirizana pa onse. Afunseni buku la mitu, mapepala a aliyense asanakambirane, ndi kapa wa mutu uliwonse. Akayamba kuzungulira, musawalipire. Komanso musadikire kumapeto. Yesani pa mayankho oyambirira, muyesenso pakati pa ntchito, chifukwa munthu akasanja sabata yathunthu amayamba kupotoza malamulo osadziwa.

Bungwe lija linandiitana lipoti litapita kale kwa othandiza ndi ndalama, litanena kuti vuto ndi mtengo. Titasanjanso, ambiri mwa aja "sinikwanisa" anathera pa "sizikumveka", ndipo ofunsa mafunso anali atabalalika. Panalibenso wobwerera ku Kanyama kukafunsa amayi aja chimene ankatanthauza.