Nyale Yoyaka Yokha Panja Imafera Polumikiza Mawaya

Chaka ndi chaka, mvula zoyamba zikangogwa m'mwezi wa Novembala, ife amisiri a magetsi timayamba kuitanidwa m'makomo chifukwa cha vuto limodzimodzi: nyale yachitetezo imene inkayaka bwinobwino m'chilimwe chonse yayamba kuthwanima, kapena ikugwetsa buleka usiku. Eni nyumba amafulumira kunena kuti anagula nyale yachinyengo, ndipo nthawi zina amanena zoona, koma kawirikawiri ndikakwera makwerero ndimapeza kuti nyaleyo ilibe mlandu. Chimene chawonongeka ndi pamalo pamene waya wa nyale unalumikizidwa ndi waya wochokera m'nyumba.

Nyumba ina imene ndinagwirako ntchito ikuonetsa bwino nkhaniyi. Nyale ya mawati 30 inaikidwa pakhoma la m'mbali, kumene malata sanatulukeko kwenikweni, moti mvula ya mphepo imamenya khomalo mwachindunji. Nyale zamtunduwu zimabwera ndi kawaya kakafupi, ndiye amene anaiika anangopota mawayawo ndi a m'nyumba, n'kukulunga tepi yakuda, n'kukankhira mfundoyo kuseri kwa nyale. Dzuwa la Okutobala linasungunula zomatira za tepiyo mpaka inayamba kumasuka. Choipa kwambiri chinali chakuti waya wa m'nyumba unkachokera pamwamba, kudenga, n'kutsetsereka molunjika kukafika pamfundopo, kotero dontho lililonse logwera pawayapo linkautsata ngati ngalande. Nditamasula tepiyo ndinapeza kopa atabiriwira, ali ndi madzi, ndipo madziwo ndi amene ankadutsitsa magetsi pang'ono kuchoka pawaya wamoto kupita pawaya woteteza, umene umalumikizidwa kunthaka. Buleka ya mtundu wolembedwa 30 mA inapangidwira kumva kutayika kotereku, n'chifukwa chake inkagwa mvula ikagwa n'kukhala bwino dzuwa likaumitsa khoma. Mukaona buleka ikugwa motsatira nyengo chonchi, yambani kukayikira zimene zili panja.

Tisanafike pa kukonza kwake, m'pofunika kunena za malo oika nyale, chifukwa ambiri amalakwitsa pamenepa asanagwire n'komwe waya. Kagalasi koyera kamene kali pansi pa nyale, kotchedwa sensa, sikaona munthu monga mmene diso limaonera. Kamamva kutentha kochokera m'thupi, ndipo galasi lake linagawidwa timagawo tambiri, moti nyale imayaka pamene chinthu chofunda chachoka m'gawo lina kulowa m'gawo lina. Zotsatira zake n'zakuti sensa imamva msanga munthu wodutsa mopingasa kutsogolo kwake, koma imachedwa kumva munthu amene akubwera moilunjika. Choncho ngati mukufuna kuteteza njira yochokera pageti kufika pakhomo, nyale muiike choti njirayo iziidutsa cham'mbali. Kutalika koyenera ndi mamita awiri kufika awiri ndi theka kuchokera pansi; mukaikweza kwambiri kuti akuba asaifikire, mumasiya malo aakulu pansi pake pamene munthu angaime osamveka. Masensa ambiri amalembedwa kuti amafika mamita 10 kapena 12, koma m'masiku otentha kwambiri mtundawu umafupika, chifukwa khoma ndi nthaka zimakhala zofunda pafupifupi ngati thupi la munthu ndipo kusiyana kumachepa. Musailozetse kumsewu kumene kumadutsa galimoto, kapena kunthambi za mtengo zogwedezeka ndi mphepo, chifukwa nyale yoyaka popanda chifukwa usiku wonse imazolowereka, ndipo tsiku lobwera mbala palibe amene amasuzumira pawindo.

Magetsi amene ESCOM imatipatsa m'nyumba ndi a mavoti 230, ndipo amapha, makamaka munthu ali pamakwerero achitsulo atapondetsa panthaka yonyowa. Kuthimitsa swichi ya pakhoma sikokwanira, popeza m'nyumba zina swichi inaikidwa molakwika pawaya wa nyutulo, wobwezera magetsi, m'malo mwa waya wamoto, moti nyale imathima koma waya wamoto uli ndi moto wake. Gwetsani buleka ya nyale pabolodi, yesani mawayawo ndi tesita imene mwayamba mwaitsimikizira pamalo ena amoyo kuti ikugwira ntchito, ndipo muuze onse a m'nyumba kuti asakhudze bolodi. Pali msampha wina umene ndi wa kwathu kuno: munthu amaona kuti magetsi athima dera lonse n'kuganiza kuti ino ndiyo nthawi yabwino yogwira ntchito, osagwetsa buleka, kuiwala kuti magetsi amabwera osaodira. Ntchito yokoka waya watsopano kuchokera pabolodi ndi ya mmisiri amene ali ndi chilolezo cha MERA, ndipo zimene ndikulongosola pano cholinga chake n'chakuti mudziwe chimene ntchito yabwino imaoneka.

Panyumba ija tinayamba ndi kudula mbali yonse yobiriwirayo mpaka tinafika pa kopa wowala, chifukwa kopa wadzimbiri sagwirana bwino ndipo amatentha. Kenako tinaika kabokosi kapulasitiki kolumikiziramo mawaya, kolembedwa IP65. Manambala awiriwa ali ndi tanthauzo: 6 akunena kuti fumbi silingalowe, ndipo 5 akunena kuti bokosilo likhoza kupirira madzi opopedwa kuchokera mbali iliyonse. Lolembedwa IP44 limangopirira madzi owazika, ndipo ine ndimalivomera pansi pa khonde pokha. Komabe nambala imeneyi imagwira ntchito pokhapokha bokosilo litatsekedwa moyenera; mukaboola bowo n'kungopisamo waya, mwataya chitetezo chonse chimene munalipira.

Apa m'pamene pamafunika kachipangizo kotchedwa gilandi, kamene kali ngati nati yapulasitiki yokhala ndi mphira mkati. Mbali imodzi imamangidwa pabowo la bokosi, waya umadutsa pakati, ndipo mukamanga natiyo mphira uja umafinya waya kuzungulira konse kotero kuti madzi alibe podutsa. Gilandi ya M20 ndiyo imapezeka kwambiri, ndipo imakwana mawaya obulungira a nyale zambiri, koma yang'anani kukula kolembedwa papaketi, chifukwa waya ukachepa mphira sugwira. Njira yoyesera ndi yapafupi: mukamanga ndi dzanja mpaka kulimba, kokani wayawo pang'ono, ndipo ukasuntha dziwani kuti madzinso adutsa. Mphirawo uyenera kufinya chikopa chakunja cha waya, osati timawaya tamkati tosendedwa kale. Vuto lina ndi lakuti waya wotuwa umene umayendetsedwa m'nyumba zathu ndi wophwatalala, ndipo bowo lobulungira silingautseke m'mbali. Wayawu sunapangidwirenso dzuwa, umauma n'kung'aluka pakapita zaka. Ife tinaulowetsa m'paipi yamagetsi ya mamilimita 20 kuchokera kudenga, paipiyo n'kuimata bwino polowera m'bokosi, ndipo gilandi tinaigwiritsa ntchito pa waya wobulungira wa nyale. Waya wa 1.5 mm² ndi wokwanira kwambiri, popeza nyale ya mawati 30 imakoka magetsi ochepa zedi.

Mabowo onse tinawaika kunsi kwa bokosi, ngakhale kuti zimenezi zinachititsa kuti paipi idutse m'mbali mwake n'kukhota kuti ilowere pansi. Madzi sakwera okha, ndiye polowera pakakhala pansi, ngakhale mphira utakalamba, mvula siipeza njira. Pa chifukwa chomwechi, waya wochoka m'bokosi kupita kunyale tinausiya utalendewera pang'ono ngati chilembo cha U, kuti madzi outsata azifika pansi pa kupindikako n'kudontha asanafike polowera m'nyale kapena m'bokosi. Eni nyumba ena amadandaula kuti kupindikako sikukongola ndipo amafuna waya wokokedwa kuti nga, koma masentimita ochepa amenewa amateteza kuposa tepi yonse ya m'sitolo. Ngati waya ukuchokera m'kati kudzera m'khoma, bowolo libooledwe motsetsereka pang'ono kulowera kunja, kuti chinyezi chisayende nawo kulowa m'chipinda.

M'kati mwa bokosi mawaya amalumikizidwa ndi zomangira za masikuluu kapena zopanikiza, osati kupota ndi manja. Waya wabulauni ndiye wamoto ndipo umapita palembedwa L, wabuluu ndi nyutulo wopita pa N, ndipo wa mizere yobiriwira ndi yachikasu ndi woteteza, wopita pa E kapena pachizindikiro chake. M'nyumba zakale mupeza wofiira m'malo mwa wabulauni ndi wakuda m'malo mwa wabuluu. Waya woteteza ndi umene ambiri amaudula n'kuusiya chifukwa nyale imayaka ngakhale popanda iwo, koma thupi la nyale zambiri ndi lachitsulo, ndipo tsiku limene madzi adzalowe, wayawu ndi umene udzagwetse buleka m'malo moti magetsi adikire dzanja la munthu. Sendani utali wongokwana kulowa m'chomangira, pasaoneke kopa kunja, ndipo zomangirazo zikhale cha kumtunda kwa bokosi, osati pansi pamene dontho lingakhazikike.

Dontho limenelo likhoza kupezeka ngakhale m'bokosi lotsekedwa bwino, ndipo ichi chimadabwitsa ambiri. Masana mpweya wa m'bokosi umatentha n'kufufuma, usiku umazizira n'kukoka mpweya wachinyezi kudzera m'paipi, ndipo chinyezicho chimasanduka mame m'kati. N'chifukwa chake mabokosi ena ali ndi malo olembedwa kunsi oti mubooleko kabowo kakang'ono kotulutsira madzi. Ine ndimakaboola ngati bokosi lili pakhoma losamenyedwa ndi madzi kuchokera pansi, ndipo ndimakasunga kakang'ono ndithu, chifukwa nyerere ndi mavu omanga ndi dothi amakonda nyumba zotere. Silikoni ndimamuika pamitu ya masikuluu omangira bokosi kukhoma ndiponso m'mphepete mwake pamwamba ndi m'mbali, kunsi n'kusiya. Pewani silikoni wonunkha ngati viniga pafupi ndi mawaya, popeza asidi wake amadya kopa, ndipo musamate chivundikiro, chifukwa chili kale ndi mphira wake ndipo tsiku lina padzafunika kutsegula.

Buleka itabwezedwa, nyale inayaka yokha kwa kanthawi kenako n'kuthima, ndipo zimenezi si vuto: sensa imachita choncho nthawi iliyonse imene yalandira magetsi, ngakhale pamene abwera atathima. Pansi pa sensa pamakhala timabatani totembenuza tolembedwa TIME, LUX ndi SENS: TIME ndi ya nthawi imene nyale imakhala yoyaka, LUX ndi ya mdima umene imayambira kuyaka, ndipo SENS ndi ya mtunda umene sensa imamva. Poyesa masana, LUX imatembenuzidwira kuchizindikiro cha dzuwa ndipo TIME imaikidwa pochepetsetsa, kenako munthu amayenda mopingasa m'bwalo kuti muone pamene nyale ikuyambira kumumva. SENS tinaitsitsa pang'ono chifukwa galu wa pakhomopo ankaiyatsa ali kutali. Titakhutira, tinadikira chisisira n'kubweza LUX cha kuchizindikiro cha mwezi mpaka pamene nyale inayamba kuyaka pa mdima umene mwini nyumba ankafuna, TIME n'kuisiya pa mphindi ziwiri. Swichi ya m'nyumba ndinawauza kuti aziisiya yoyatsa usana ndi usiku, ndipo ndinawapempha kuti mvula yamphamvu yoyamba ikadzagwa adzandiitane, tidzagwetse buleka n'kutsegula bokosilo kuti tione ngati m'kati muli mouma.